Mwagona, Amalume

Kalata ija ndinakaisindikizitsa ndekha pa kasitolo ka mafoni m'katauni ka Banket, mapepala awiri, lina la kalata, lina la zotsatira za mayeso. Ndinaiwerenga kawiri ndili chiimire pakhomo pa sitoloyo, ndipo sindinapezemo cholakwika. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa pa komboni yathu alipo anthu amene mpaka lero amati ine ngati wamkulu ndikanaikonza. Ndikanakonza chiyani, poti Chichewa cha mng'ono wanga ndi changa chomwecho? Tonse awiri tinabadwira pa pulazi ya fodya, m'nyumba tikuyankhula Chichewa, kusukulu ndi kusitolo Chishona, ndipo pakamwa pathu ziwirizi zinasakanikirana kalekale.

Bambo athu ankasonkhezera moto m'mabalani owumitsira fodya. Anabwera kuchokera ku Malawi ali mnyamata, m'lole imodzi ndi mnzawo amene pambuyo pake anasiya ntchito ya pa pulazi n'kutsegula chigayo ndi kagolosale m'mphepete mwa komboni. Mnzawoyo anali Msilamu, ife a tchalitchi, koma tinkawatchula kuti Amalume, ndipo iwo ankativomera. Pa maliro a bambo anaimirira n'kunena pamaso pa anthu kuti mwana wamng'onoyu ali ndi mutu, ndipo sukulu yake ili m'manja mwawo mpaka pamene adzanene yekha kuti wakhuta. Panalibe pepala lililonse. Amalume ankati munthu wofuna kusayinirana ndiye amene akuganiza kale zothawa.

Mng'ono wanga anakhozadi, ndipo anapeza malo pa koleji ina ku India kukaphunzira za mankhwala. Fizi anamuchotsera chifukwa cha kukhoza kwake, koma lendi, chakudya ndi zoyendera zinali zake. Zimenezo ndi zomwe Amalume ankatumiza mwezi ndi mwezi. Mwezi ukangoyamba ankapereka madola kwa mwana wawo wamkulu, amene ndiye ankayendetsa chigayo popeza iwo maso anali atayamba kuchita khungu. Mwanayo ankakwera kombi kupita ku Chinhoyi kwa otumiza ndalama, n'kuonetsa chitupa chake, n'kulemba dzina la mng'ono wanga monga lilili m'pasipoti. Akampatsa lisiti ankatumiza nambala yake pa foni, ndipo mng'ono wanga ankapita ndi pasipoti kukatenga ndalamazo kumeneko. Zinayenda choncho zaka zitatu.

Amalume ankafuna chinthu chimodzi chokha. Teremu ikatha, mwana alembe kalata, ya papepala, ya m'Chichewa. Mawu ojambula pa foni ankawakana, Chingerezi ankachikana, Chishona ndiye asachimve n'komwe. Ankati Chishona n'chogulitsira ufa. Munthu akawapatsa moni m'Chishona ankayankha m'Chichewa cha kwawo chenicheni, chokhala ndi mawu amene ife obadwira kuno tinkachita kufunsana tanthauzo lake. Tonse pa komboni tinkakhulupirira kuti mkuluyu Chishona amangodziwa cha mitengo ya zinthu basi. Ndiye mng'ono wanga ankalemba pa foni, n'kunditumizira, ine n'kukasindikizitsa ndi kukapereka.

Mwana wawo uja ine sindinamukondepo, ndipo iyenso sanandikondepo. Anali munthu wa kamwa lokoma pamaso pa bambo ake, koma kuseri ankati ndalama za chigayo zikupita kukanenepetsa ana a anthu ena. Ndinamumva ndekha tsiku lina akuuza wogaitsa kuti mwana wa wosonkhezera moto akadzakhala dokotala, iye adzadya chipewa chake. Ndinameza mawu tsiku limenelo, ngakhale kuti kumeza mawu si ntchito imene ndinabadwira. Amayi ankanditchula kuti wa mtima wapachala kuyambira ndili wamng'ono.

M'chaka chomaliza, patatsala miyezi isanu ndi itatu kuti mng'ono wanga amalize, mwezi wina unayamba koma nambala sinabwere. Anadikira sabata ziwiri asanandiuze, poopa kuoneka wadyera. Ndinapita kuchigayo kukafunsa. Mwana wawo uja, uku akupukuta ufa m'manja, anati makina a otumiza ndalama anali atafa, apita mawa. Mawa lija linakhala sabata. Nditabwereranso anati mdala sakupeza bwino, ndisakawasokoneze ndi nkhani za ndalama. Mwezi wachiwiri unayamba, ndipo unafika pakati kuli zii.

Ku India zinthu zinali zitafika pothina. Mayi mwini nyumba anali atamuuza kuti mwezi ukatha asanalipire, katundu wake akamupeza panja. Gasi wophikira anali atatha. Kukalasi ankapita wapansi, ndipo ankadya kwa mnzake wa ku Zambia amenenso ankadalira zotumiziridwa. Mayeso anali pafupi. Pa foni ankayesa kuseka, koma ndinkamva mawu ake kuti mwanayu walira.

Ndinamuuza kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lembera Amalume eni ake. Ndikapereka m'manja mwawo."

"Sisi, koma si nthawi ya kalata. Teremu sinathe. Angaganize kuti ndikuwalonjerera ngongole."

"Lemba mwaulemu. Uyambe ndi kuthokoza, uthokoze kwambiri, kenako unene zoona zake."

Anachitadi zomwe ndinamuuza. Pepala lija ndikadali nalo, lili m'Baibulo la amayi, ndipo pakati pake pali pong'ambika. Atatha malonje ndi kufunsa za maso awo, analemba motere:

"Amalume, kuyambira tsiku limene bambo anatisiya, inu mwagona. Mwezi ndi mwezi mumagona, ndipo pa komboni yonse palibe munthu amene amagona ngati inu. Ine sindidzaiwala. Koma ndalemba kalata ino nthawi yake isanakwane chifukwa ndalama ya mwezi watha ndi ya mwezi uno sindinalandire, ndipo nambala sinafike. Sindikudziwa ngati pali vuto kumeneko kapena ngati inasochera panjira. Mwini nyumba wandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno. Ndikupempha kuti ngati n'kotheka mundiuze tsiku limene ingabwere, kuti ndikhale ndi choti ndimuuze. Ngati zinthu zavuta, mundiuzenso, ndidziwe pokonzekera. Ndaikamo zotsatira za mayeso apitawa kuti muone kuti ndalama yanu sikupita pachabe."

M'Chishona, munthu akachita chinthu chabwino amamuuza kuti "magona", kutanthauza kuti mwachita bwino, mwakhoza. Ndi mawu oyamikira amene timawamva tsiku ndi tsiku, kusukulu, kutchalitchi, ngakhale m'shedi foromani akaona kuti mwasankha fodya bwino. Mng'ono wanga anangowaveka malaya a Chichewa, ndipo ine powerenga ndinamva kuyamika kokhakokha. M'Chichewa cha Amalume, kugona ndi tulo, ndipo munthu wogona ndi wopusa amene zinthu zimamupita pamphuno.

Ndinasankha Lachisanu masana, poganiza kuti munthu wochokera ku mzikiti mtima umakhala wofewa. Ndinapempha foromani wa kushedi komwe ndinkasankha fodya kuti ndiweruke msanga, ndipo ndinapita ndi fungo la fodya lomwelo m'zovala. Ndinawapeza pa khonde la kuseri kwa chigayo atakhala pa mkeka, atavala mkanjo woyera. Sanali okha. Panali akuluakulu awiri a ku mzikiti akumwa nawo tiyi. Munthu wanzeru akanapereka moni n'kubwerera, kudzabwera tsiku lina. Ine ndinagwada, ndinapereka moni, n'kutulutsa envelopu.

"Kalata ya mwana wathu? Msanga chotere?" anatero Amalume, akumwetulira. Anaitana mwana wawo kuti adzawerenge, monga ankachitira nthawi zonse.

Anabwera, anailandira, ndipo ndinaona maso ake akuthamanga mpaka pansi pa pepala asanatsegule pakamwa. Nkhope yake inasintha. Kenako anabwerera pamwamba, ndipo pang'onopang'ono anayamba kumwetulira. Malonje anawawerenga mothamanga. Atafika pa mawu aja anakweza mawu, akutsindika lililonse ngati mphunzitsi.

"Inu mwa-go-na. Mwezi ndi mwezi muma-go-na. Pa komboni yonse palibe munthu amene amagona ngati inu." Anatsitsa pepala. "Baba, ndipitirize? Zaka zitatu mukudyetsa munthu, lero akuti ndinu wogona woposa onse pa komboni."

Mmodzi wa akuluakulu aja anaika kapu pansi. Winayo anangoti, "Aaa, ana a masiku ano."

"Achimwene," ndinatero, ndikuyesetsa kudzigwira, "inu munabadwira kuno ngati ine. Mukudziwa bwinobwino kuti akutanthauza magona. Akuthokoza."

"Ine ndikuwerenga zomwe zalembedwa. Kalata ndi ya Chichewa kapena ya Chishona? Akanafuna kuthokoza, mawu akuti zikomo sakuwadziwa?"

"Werengani pansipo."

"Pansipo ndi zomwezo, mwano wokhawokha."

Anayamba kulipinda pepala lija kuti aliike m'thumba. Ndinadzuka n'kuligwira. Iye anakoka, ine ndinakoka, ndipo linang'ambika pakati. Ndinalanda zidutswa zonse ziwiri, n'kuzilumikiza, ndipo ndinawerenga mokweza kuyambira pa "koma ndalemba" mpaka pa zotsatira za mayeso. Chigayo chinali chitazimitsidwa chifukwa cha mapemphero, choncho liwu lililonse linamveka.

Amalume sanagwedezeke. Anafunsa motsitsa, nkhope italoza pansi, "Miyezi iwiri?"

"Iwiri, Amalume."

Mwana wawo anayamba kuyankhula za makina a ku Chinhoyi, za dizilo amene anakwera mtengo, za magetsi amene amangozima. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mkuluyu ankapereka ndalama mwezi uliwonse, ndipo sankadziwa kanthu. Amalume anakweza dzanja, mwanayo n'kukhala chete.

"Ndamva, mwana wanga," anandiuza. "Pita kunyumba. Nkhaniyi ndiiona."

Ndakhala ndikubwerera pa khonde limenelo zaka zonsezi, ndipo nthawi zonse ndimadziona ndikugwada, kuthokoza, ndi kutuluka. Koma sindinatuluke. Mwana wawo uja anali ataima kumbuyo kwa bambo ake, ndipo anandiyang'ana n'kupsinya diso. Ndinatembenukira kwa Amalume.

"Muiona liti? Mwana agone panja ku dziko la eni inu mukuiona?"

"Ndati ndamva. Pita."

"Afunseni malisiti! Pompano, pamaso pa alendowa. Iwe, malisiti a miyezi iwiri ali kuti? Wakuba iwe!"

"Mwana wanga," anatero Amalume kachitatu, mawu atalimba, "ndati ndamva. Pita."

"Mwamva chiyani? Mwana uja sananame ayi. Mwagonadi, Amalume! Mbava ikudya nanu mbale imodzi, ikukuberani m'thumba la mkanjo, inu muli mtulo. Mwagona!"

Ndinawanena m'Chichewa chenicheni mawu amenewo, ndipo palibe amene akanawamva mwina. Akuluakulu awiri aja anadzuka, anavala nsapato zawo osayang'ana aliyense, n'kutsanzika motsitsa. Amalume anapempha ndodo yawo, n'kulowa m'nyumba. Ndinatsala ndi mwana wawo, amene anali atasiya kumwetulira, ndipo anandiuza kuti ndichoke pa malo a bambo ake ndisanamuchimwitse pa tsiku la Lachisanu. Ndinamulavulira malovu pafupi ndi phazi n'kuchoka. Panjira ndinkadzimva ngati munthu amene wapambana mlandu.

Lolemba Amalume ananditumizira uthenga kuti ndipite. Ndinawapeza okha pa mkeka womwe uja. Sanandiuze kuti ndikhale, choncho ndinagwada chapatali. Anatulutsa lisiti m'thumba n'kuliika pansi pakati pathu. Anati anapita eni ake ku Chinhoyi m'mawa womwewo, atagwiridwa dzanja ndi mkazi wawo, ndipo atumiza za miyezi iwiri yonse. Ndinayamba kuthokoza, koma anandidula.

"Ndakhala m'dziko lino kuyambira amayi ako asanabadwe. Ukuyesa sindidziwa magona? Ndimakana kuchiyankhula Chishona, sindinati sindichimva. Pamene uja ankawerenga, ine ndinali nditamva kale kuti mwana akundithokoza, ndipo ndinamvanso kuti wowerengayo akubisa kanthu. Ndimamudziwa, ndinabala ndine. Ndikanamuitana madzulo, awiri, chitseko chotseka."

"Amalume, ndinapsa mtima. Mundikhululukire."

"Ndinakuuza katatu kuti pita. Mwana uja anandithokoza. Wonditukwana ndiwe. Unatcha mwana wanga mbava pamaso pa anthu amene ndimapemphera nawo mzere umodzi. Wakuba kapena wosaba, ndi amene adzanditsitsire m'manda. Ndikapitiriza kutumiza ndalamazi, ndiye kuti mwezi uliwonse ndikuvomera pamaso pa anthu kuti mawu ako anali oona."

"Koma anali oona!"

Ngakhale pamenepo, nditagwada, pakamwa panga sipanathe kutseka. Amalume anapukusa mutu.

"Chibale ndi fupa, sichiola. Za miyezi iwiri ndalipira chifukwa zinatuluka kale m'manja mwanga m'dzina lake. Zathera pamenepa. Kwa bambo ako ndikayankha ndekha."

Ndinalira, ndinakwawa mpaka kugwira mapazi awo. Anawabweza. Ndinawakumbutsa za maliro, za lole imene inawabweretsa, za miyezi isanu ndi umodzi yokha imene inali itatsala. Anaitana mkazi wawo kuti andiperekeze kuchipata. Ndinawada tsiku limenelo, ndipo sindinganame kuti chidanicho chinatheratu. Munthu wamkulu, wopemphera, anaika manyazi ake pa sikelo limodzi ndi moyo wa mwana wamasiye, n'kupeza kuti manyaziwo ndiwo olemera. Koma sikelo imeneyo ndinawapatsa ndine.

Madzulo ake mng'ono wanga anaimba, akusangalala kuti nambala yafika ndipo walipira lendi. Ndinamuuza kuti imeneyo ndi yomaliza. Anafunsa chifukwa chake.

Ndikanamuuza. M'malo mwake ndinati, "Ndi mawu aja akuti mwagona. M'Chichewa cha kwawo ndi chipongwe. Akhumudwa kwambiri."

"Koma sisi, simunawafotokozere?"

"Ndinayesetsa. Sanafune kumva."

Bodza langalo linapeza mnzake wolithandiza. Mwana wa Amalume sakanafuna kuti nkhani ya malisiti imveke, choncho kwa aliyense wobwera kudzagaitsa ankasimba za kalata ya mwano ya dokotala wa ku India. Akuluakulu awiri aja sanali anthu a miseche. Komboni yonse inatola nthabwala ija, ndipo kwa miyezi ingapo anthu ankati akakumana panjira, wina n'kuti "mwagona", onse n'kufa nako kuseka. Ine ndi munthu amene ndinkadana naye kwambiri tinasunga chinsinsi chimodzi popanda kupangana. Tikakumana pa sitolo, iye ankayang'ana kumbali, inenso kumbali.

Mng'ono wanga analemba kalata ina yopepesa, atafunsa mnzake wa ku Malawi kuti amuonere liwu lililonse. Ndinakaisindikizitsa, ndinakaipereka kwa mkazi wa Amalume pachipata, ndipo yankho silinabwere. Ndinayesa kusenza ndekha. Malipiro a wosankha fodya ndi a nyengo, ndipo nyengo inali kutha. Ndinagulitsa makina osokera a amayi ndi mbuzi ziwiri, a kutchalitchi anasonkhako, ndipo tinakoka miyezi itatu. Chitupa chake cha ophunzira sichinkamulola kugwira ntchito kumeneko. Mwezi wachinayi anatulutsidwa m'nyumba, n'kumagona pansi kwa mnzake wa ku Zambia uja mpaka mwini nyumba wa kumeneko anadandaula. Anadwala, mayeso awiri anamupita, ndipo kuti abwereze pankafunika chaka china ndi fizi imene tsopano sakanamuchotsera. Ndalama yomaliza imene tinapeza inagula tikiti yobwerera.

Pano amagwira ntchito pa sitolo ya mankhwala ku Chinhoyi. Amadziwa mankhwala onse amene ali m'mashelefu ndi ntchito zake, koma popanda pepala saloledwa kupereka a dokotala. Amalandira ndalama pa kauntala ndi kugulitsa mafuta odzola. Chiyambire kubwera kwake sanayankhuleponso Chichewa. Ndikamuyankhula amayankha m'Chishona, ndipo ana ake awiri sadziwa ngakhale kupereka moni m'chinenero cha agogo awo. Amalume anamwalira chaka chachiwiri iye atabwera, ndipo mng'ono wangayo anakana kupita kukapepesa maliro. Anati sangaime pakhomo pa munthu amene anamudyetsa zaka zitatu, iye n'kumubwezera chipongwe.

Amayi ankakonda kundiuza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinaupeza chaka chatha pa Khirisimasi, mng'ono wanga atabwera kudzacheza kuno ndi ana. M'mawa ndikusesa pakhomo, iye anatuluka, ndipo mosaganiza ndinamufunsa kuti, "Wagona bwanji?"

Anaima. Kenako anaseka pang'ono, n'kukhala pa sitepe. Anayankhula m'Chishona, monga mwa nthawi zonse. Anati liwu limenelo limamubayabe, ndipo nthawi zina ali pa kauntala amadzifunsa kuti bwanji sanangolemba zikomo, liwu limene ngakhale mwana wa zaka ziwiri amalidziwa. Anati anadzipha yekha ndi dzanja lake. Ndinaimika tsache. Pepala long'ambika lija linali m'nyumba, masitepe asanu kuchoka pomwe tinali, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene.

Iye anandigwira mkono. Anati chimene chimamutonthoza n'chakuti anali ndi mkulu wake amene anamumenyera nkhondo, amene anagulitsa makina a amayi, amene anakagwada kwa anthu chifukwa cha kulakwa kwa wina.

"Imi sisi makagona," anatero. "Makagona chaizvo."

Ankatanthauza kuti ndinachita bwino kwambiri. Ndinamuyankha kuti tiyi wapsa, alowe adzutse ana, ndipo ndinapitiriza kusesa.